Kulemba lipoti la mtsuko wakale

"Abwana anga kuno ku Joni andiuza kulemba lipoti la mtsuko wakale wadothi. Ndilembe bwanji?"

Achimwene, chilema chilichonse mulembe mtundu wake, malo ndi kukula kwake. Mwachitsanzo: "Kubenthuka pamlomo, mamilimita 4, mng'alu woonda ngati tsitsi kuchokera pamlomopo kutsika, masentimita 6." Kachidutswa kakasoweratu, lembani kuti kanatayika, osati kubenthuka chabe. Timizere ta m'chonyezimira chapamwamba chokha si mng'alu, musasokoneze.

Gogodani pang'ono ndi chala: wamng'alu sulira bwino. Ine ndinalembapo "uli bwino" pamtsuko womatidwa khosi, wogula anaubweza ataunika ndi tochi ya UV, ya kuwala kwapadera koonetsa malo okonzedwa, pomwe utoto watsopano unaoneka wosiyana. Manyazi ake! Mukakayikira zomata, katswiri wokonza zakale auone musanasaine.