Ndatumiza CV malo ambiri a ntchito zakunja koma palibe wandiyankha

"Ndili ku Lilongwe, ndagwira ntchito yothandiza makasitomala pafoni ndi paimelo kwa zaka zisanu. Ndikufuna ntchito yapaintaneti kukampani yakunja, kapena yopita ku UK komweko. CV ndatumiza malo ambirimbiri koma kuli zii. Ena amangondikana tsiku lomwelo. Kodi vuto ndi CV yangayi?"

Achemwali, kukanidwa tsiku lomwelo nthawi zambiri kumasonyeza kuti CV yanu sinafike n'komwe m'maso mwa munthu. Yakugwetsani ndi fomu imene munadzaza potumiza, pa mafunso a komwe mukukhala ndi chilolezo chogwirira ntchito. Luso lanu limayesedwa pambuyo. Olemba ntchito akunja amayamba afuna kudziwa zinthu zitatu: ngati malamulo akuwalola kukulembani muli ku Malawi, ngati muzikhala maso pa maola amene iwo akugwira ntchito, ndiponso ngati Chingerezi chanu chili ndi umboni. CV yolembedwa mwa chizolowezi chathu, yokhala ndi chithunzi, tsiku lobadwa, mpingo ndi boma lakwanu, siyankha ngakhale limodzi mwa mafunsowa. Zimenezo chotsani, ku America ndi ku UK sazifuna, ndipo malowo muikepo mayankho.

Tiyambe ndi chilolezo, chifukwa ndi chimene chimagwetsa anthu ambiri. Chilengezo chikalembedwa kuti `Remote (US only)` kapena `must have the right to work in the UK`, ntchitoyo ndi yogwirira kunyumba, koma nyumbayo ikhale m'dziko lawolo. Sikuti akudana ndi Amalawi. Kampani ikalemba munthu, imayenera kumudula msonkho ndi kutsata malamulo a ntchito a dziko limene iye akukhala, ndipo ambiri alibe ofesi kuno yoti ichite zimenezo. Malo otere musatayirepo nthawi, ngakhale CV itakongola chotani. Funani olembedwa `worldwide`, `EMEA`, `Africa` kapena `contractor`. Ngakhale pa `EMEA`, kutanthauza Ulaya, Middle East ndi Africa, werengani mpaka pansi, poti ena amatchula mayiko ochepa okha amene angathe kulipirako anthu.

Njira zimene kampani yakunja ingakulembereni muli kuno ndi ziwiri. Yoyamba ndi kontilakiti: mumatumiza invoisi mwezi ndi mwezi, za msonkho wa ku MRA mumadzionera nokha, ndipo ikakhala kampani ya ku America kawirikawiri imakupatsani fomu ya W-8BEN yotsimikiza kuti si inu wa kumeneko. Yachiwiri ndi kudzera m'kampani yamkhalapakati yotchedwa `employer of record`, monga Deel, imene imalemba anthu m'malo mwa makampani ena. Mukatchula njirazi pa CV, wowerenga amadziwa kuti nkhaniyi mukuimvetsa. Pafomu, akafunsa ngati muli ndi chilolezo chogwira ntchito ku America, yankho ndi ayi. Ena amalemba adiresi ya m'bale wawo wa ku Leeds kapena ku Joni kuti adutse pasefa. Amadutsadi, koma asanayambe ntchito amafunsidwa pasipoti ndi umboni wa chilolezo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsopano za maola, zimene zili m'manja mwanu kwambiri. Nthawi ya ku Malawi ndi UTC+2 chaka chonse, sitisintha mawotchi. Anzathu a ku America ndi ku Ulaya amasintha, ndiye kusiyana kwathu ndi iwo kumasuntha. Tinene kuti kampani ya ku New York yalemba kuti ikufuna munthu wopezeka maola anayi pakati pa 9 koloko m'mawa ndi 5 koloko madzulo nthawi yawo. Kuyambira Lamlungu lachiwiri la Malichi mpaka Lamlungu loyamba la Novembala, ife tili patsogolo ndi maola 6, choncho 9 koloko yawo ndi 3 koloko masana kuno. Miyezi yotsalayo kusiyana kumakhala maola 7, ndipo 9 koloko yawo imagwa 4 koloko madzulo. Mukalonjeza kugwira ntchito kuyambira 12 koloko masana mpaka 8 koloko usiku, muzikumana nawo maola asanu nyengo yoyambayo, ndi maola anayi ndendende nyengo inayo. Mukalemba zoti mumaweruka 7 koloko, mu Disembala mudzapereweza ola limodzi, ndipo wowerenga wodziwa ntchito yake aziona msanga. Koma akafuna tsiku lawo lonse, dziwani kuti muziweruka 11 koloko usiku kapena pakati pa usiku. Ku California n'kovutirapo, chifukwa 9 koloko yawo ya m'mawa ndi 6 kapena 7 koloko madzulo kuno.

Kunena zoona, kwa munthu wa ku Lilongwe msika wabwino ndi Ulaya. Berlin ndi Amsterdam timafanana nawo nthawi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, kenako amatsalira ola limodzi lokha. London imatsalira ola limodzi kapena awiri. Umenewu ndi mwayi woti muuonetse poyera. Musangolemba `CAT` yokha, chidule cha nthawi yathu ino, ena amaisokoneza ndi `CET` ya ku Ulaya kapena `CT` ya ku America. Pansi pa dzina lanu pazioneka motere:

```
Lilongwe, Malawi (UTC+2). Available 12:00-20:00 UTC+2
Overlap: 4+ hours with US Eastern, year-round
Malawian citizen. Contractor or employer of record
English: C1 (IELTS 7.0, 2025). Chichewa: native
```

Mzere wachiwiriwo muziusintha malinga ndi chilengezo chilichonse. Ndipo poti maola amadzulowo ndi amene magetsi amakonda kuthima, ngati muli ndi sola kapena batire ndi netiweki yachiwiri, onjezani mzere umodzi wonena zimenezo. Ngati mulibe, musalembe, kasitomala akadzakusowani pafoni zidzadziwika zokha.

Pa chilankhulo, mawu oti `fluent` aliyense amalemba, ndiye salemera. Gwiritsani muyeso wa ku Ulaya wochokera pa A1, mulingo wotsikitsitsa, kufika pa C2, wapamwamba kwambiri. Ngati simunalembe mayeso, musadzipatse mulingo ngati wotsimikizika. Nenani kuti maphunziro anu onse anali m'Chingerezi komanso kuti kwa zaka zisanu mwakhala mukuyankha makasitomala m'Chingerezi, pafoni ndi polemba. Pa ntchito zapaintaneti zambiri umboni umenewu umakwana, chifukwa adzakuyesani okha pa intavyu. Koma chilengezo chikati Chijeremani kapena Chifalansa n'chofunika, ndiye kuti makasitomalawo amalankhula chimenecho, ndipo A2 sangakufikitseni patali.

Zopita ku UK ndi nkhani ina, ndipo zimafuna CV yakeyake. Viza ya Skilled Worker imatheka pokhapokha wokulembani ali ndi layisensi yoitanitsa antchito akunja. Mndandanda wa makampani oterowo uli pa GOV.UK, webusaiti ya boma la UK, ndipo muziyang'ana dzina la kampani pamenepo musanatumize kanthu. Pa CV lembani mosabisa kuti `Requires Skilled Worker sponsorship`. Boma la UK silinaike Malawi pa mndandanda wa mayiko amene anthu ake safunsidwa umboni wa Chingerezi, ngakhale tinaphunzira m'Chingerezi. Mufunika mayeso ovomerezeka monga IELTS for UKVI, amene zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri, kapena digiri imene bungwe la Ecctis latsimikiza kuti inaphunzitsidwa m'Chingerezi. Ndikuchenjezeni kuti viza imeneyi ili ndi mulingo wa luso ndi wa malipiro umene ntchito wamba yoyankha makasitomala kawirikawiri siufika. Njira yosamalira okalamba, imene ambiri ankadzera, anaitseka kwa ofunsira ali kunja mu Julayi 2025, choncho wina akakuuzani kuti mumulipire akupezereni malo oterowo, ameneyo akufuna kukudyerani ndalama. Ndi zaka zanu zisanuzo, ine ndikanati mphamvu muziike pa makampani a ku Ulaya olemba anthu pa kontilakiti muli konkuno.