"Wagona bwino": mawu awiri amene ndinasiya kulemba mu lipoti la naiti

"Amayi, ndangoyamba kumene ntchito mu wodi ya abambo. Sabata yatha ndinali pa naiti, ndili ndi wodwala chibayo chachikulu amene ali pa okosijeni. M'mawa ndinalemba kuti wagona bwino, SpO2 93%, mankhwala onse walandira. A sisita anandikalipira pamaso pa anzanga kuti lipoti langa n'lopanda kanthu. Ndinalakwitsa pati?"

Achemwali, kalata yanu ndinaiwerenga nditaima pasiteji, moti minibasi ziwiri zinandidutsa. Kukalipira munthu pagulu sindigwirizana nako, ndipo tsiku lina ndidzalemba za khalidwe limeneli. Koma pa nkhani ya lipotiyi a sisita anu sanalakwe. Mawu amene munalembawo inenso ndinawalembapo, ndi dzanja langali.

Chinali chaka changa chachiwiri pantchito, pachipatala china chaboma chimene sindichitchula. Mwezi wa Juni, kuzizira kolowa m'mafupa. Wodi inali yodzaza mpaka ena pamatiresi pansi, anamwino tili awiri okha. Pabedi lakuzenera panali bambo wina wa zaka za m'ma 50, mlimi, amene anabwera masana akutsokomola, thupi lili moto, akubanika. Mkazi wake ndiye anali gadiyani, mayi waulemu amene ankachita kugwada pondilankhula.

Nditalandira wodi cha m'ma 7 koloko madzulo, bambowo anali pa okosijeni wa malita 2 pa mphindi kudzera m'timachubu ta m'mphuno, kamakina ka pachala koyeza okosijeni m'magazi kakusonyeza SpO2 ya 93%, akupuma ka 26 pa mphindi. Cha m'ma 11 koloko ndinapeza atsika kufika 88%. Ndinapotokola kagudumu ka konsentireta, makina opereka okosijeni aja, kufika pa malita 4, nambala inakwera, ndinathamangira kwa wina amene diripu yake inali itaima. Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha anatsikanso, ndinakweza kufika pa malita 5, pamene makina athuwo ankathera. Pofika 6 koloko anali pa 92%, ali phee, maso otseka. Ndinalemba m'Chingerezi chathu cha m'mafailo zimene m'Chichewa zimatanthauza kuti: ali pa okosijeni, 92%, wagona bwino. Ndinasaina, n'kupita kukagona.

Taonani zimene mnzanga wa masana anawerenga. Dzulo 93, lero 92. Ndani angade nkhawa ndi kusiyana kwa 1? Iye anayamba ndi odwala ena, ndipo anachita bwino malinga ndi zimene ndinamupatsa. Sankadziwa kuti 93 ya dzulo inali ya pa malita 2, pomwe 92 ya lero ndi ya pa malita 5, makina atafika pamapeto pake. Munthuyo anali akutsetsereka usiku wonse, ine n'kumaphimba dzenjelo ndi mpweya wowonjezera. Cha m'ma 9 koloko mkazi wake anawachotsa timachubu tija kuti awaperekeze kuchimbudzi, poti palibe anamuuza kuti asatero. Anakomoka asanafike pakhomo. Anawatsitsimutsa, n'kuwaika pa silinda ndi masiki, koma patapita masiku awiri anatisiya. Sindinena kuti lipoti langa ndi limene linawapha, chibayo chawo chinali chachikulu. Koma maola atatu amene dokotala akanawaona msanga anatayikira m'cholembera changa.

Kuchokera tsiku limenelo ndimauza wophunzira aliyense amene wadutsa m'manja mwanga kuti nambala ya SpO2 ikakhala yokha ndi bodza. Iyenera kuyenda ndi anzake: malita angati, kudzera mu chiyani, nthawi yanji. Munthu wa 93% amene akupuma mpweya wamba ndi wina, wa 93% pa malita 15 mu masiki ya kathumba ndi winanso. Woyambayo mwina mawa atuluka, wachiwiriyo watsala pang'ono kutisiya. Ndipo nambala imodzi, ngakhale ikhale ndi malita ake, sinena kumene munthu akulowera. Pamafunika zitatu kapena zinayi za usiku wonse, zondondozana, kuti wowerenga aone yekha ngati akukwera kapena akutsika.

Tsono mawu akuti "wagona bwino" aja. Ndimadana nawo, ndipo sindibisa. Munthu wachibayo amene wakhala akupuma ka 34 pa mphindi kwa maola ambiri amatopa, chifukwa minofu yopumira nayonso ndi minofu. Akatopa amasiya kubuula, amasiya kuvuta, kupuma kumatsika mwina kufika ka 20, ndipo namwino wotopa amathokoza Mulungu kuti wodwala wapeza tulo. Nthawi zina ndi tulo ndithu. Nthawi zina ndi ubongo umene ukusowa okosijeni, kapena mpweya woipa ukuunjikana m'magazi. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: mudzutseni. Muitaneni dzina, mufunseni kumene ali. Akadzuka n'kuyankha zomveka, lembani zimenezo. Akamachita kugwedezedwa, kapena akamayankha zosokonekera, ameneyo sanagone bwino, itanani a kiliniko pompo. Kusokonezeka mutu, kupuma ka 30 kapena kuposa, bipi yapamwamba yosafika 90, ndi zaka 65 kupita m'tsogolo ndi zizindikiro zinayi zimene timayezera kukula kwa chibayo mwa akuluakulu. Zitatu zoyambazo zimatha kusintha pakati pa usiku, ndiye ziyenera kuoneka mu lipoti.

Kupuma kumeneku muziwerenga ndi wotchi, mphindi yathunthu. Ndikudziwa chimene chimachitika pa naiti, nanenso ndinachitapo: tchati chonse 20, 20, 20, ngati odwala onse anapangana. Pomwe kawirikawiri kupuma ndiye kumayamba kusintha nambala ya pa makina isanagwe.

Kamakina ka pachala nako musamakakhulupirire ngati Baibulo. Usiku wa Juni zala za wodwala zimakhala ngati madzi a m'mtsuko, magazi sayenda bwino kunsonga, ndipo kamatha kusonyeza 78% mwa munthu amene akucheza nanu bwinobwino. Fikisani chalacho, chitenthe, yesani china, ndipo yerekezani kugunda kwa mtima kumene kakusonyeza ndi kumene mukumva pamkono. Zikasiyana, nambalayo itayeni. Penti wa m'zikhadabo nayenso amasokoneza. Pali chinanso chimene chimatikhudza ife eni khungu lakuda: kafukufuku amene anatuluka ku America mu 2020 anapeza kuti timakinati timalephera kuonetsa kuchepa kwa okosijeni mwa odwala akuda pafupifupi katatu kuposa mwa azungu. Kutanthauza kuti 92% yathu nthawi zina imakhala yokwera kuposa zoona zake. Munthu akamakoka mpweya ndi mapewa, akulephera kumaliza chiganizo, khulupirirani maso anu ndipo mulembe zimene maso aona.

Za mpweya weniweniwo

Apa ndi pamene mabuku olembedwa kunja satithandiza kwenikweni, chifukwa kwawoko okosijeni amatuluka pakhoma ngati madzi a pampopi. Kwathu kuno, m'mawodi ambiri, lipoti liyenera kunena kumene mpweyawo ukuchokera. Ngati ndi konsentireta, ndi ya malita 5 kapena 10? Akugawana ndi wina? Magetsi akazima imazima nawo, ndiye silinda yodikirira ili kuti, ndipo sipanala yotsegulira ali nayo ndani? Musaseke. Ndinaonapo anthu atatu akusakasaka sipanala ndi tochi ya pafoni, wodwala milomo ikuda.

Ngati ali pa silinda, chitani masamu, musasiyire mnzanu. Silinda yaikulu ija, yofika m'mapewa, yambiri imatenga malita pafupifupi 6,800 ikadzaza. Muvi wa pa geji ukakhala pakati, ndiye kuti mwatsala malita 3,400. Pa malita 10 pa mphindi amenewo ndi mphindi 340, maola asanu ndi mphindi 40. Mukakweza kufika pa 15, sakwana ndi maola anayi omwe. Kulemba kuti "silinda ilipo" n'chimodzimodzi kuuza dalaivala kuti galimoto ili ndi thanki. Lembani kuti itha cha m'ma 12 koloko masana, kuti woitanitsa ina ayambe m'mawa pomwe a kusitolo alipo. Onani kukula kwa masilinda a pachipatala panu, chifukwa si onse ofanana.

Ndipo gadiyani muzimuika mu lipoti. Ndi iye amakhala pambali pa bedi inu muli kutsidya. Ambiri amachotsa masiki pomwetsa phala, ena amaopa chifukwa anamva kumudzi kuti munthu akaikidwa pa okosijeni ndiye kuti basi, wapita. Ngati mwakambirana naye, nenani zimene mwagwirizana, ngati akukana nenaninso.

Ndachulutsa gaga m'diwa. Lipoti la bambo aja, ndikanakhala ndi nzeru za lero, likanamveka chonchi: "Bedi lakuzenera, bambo wa zaka za m'ma 50, chibayo chachikulu, tsiku lachiwiri. Akuipiraipira, muyambe ndi iwowa. 19:00 anali 93% pa malita 2, kupuma 26. 23:00 anatsika 88%, ndakweza malita 4. 03:00 anatsika 87%, ndakweza malita 5, konsentireta yafika pothera. 06:00 ali 92% pa malita 5 m'mphuno, kupuma 32, mtima 118, bipi 100/60, kutentha 38.9. Akudzuka akaitanidwa koma akuwodzera. Sefitirayakisoni analandira 16:00 dzulo, wina ndi 16:00 lero, kanula ikuyenda. Makhololo oyeza TB sanatengedwe, zotsatira za HIV sizinabwere. Asadzuke pabedi, apatsidwe chokodzeramo, gadiyani ndamuuza. A kiliniko awaone isanakwane 8 koloko. Akatsika pansi pa 90% kapena akasokonezeka, masiki ya kathumba pa silinda, malita 10 mpaka 15, ndipo itanani dokotala. Silinda ili pakhomo la ofesi, muvi uli pakati."

Kunena zoona, a kiliniko ndinayenera kuwadzutsa 3 koloko yomwe ija, osadikira lipoti. Mukakweza mpweya kawiri usiku umodzi, imeneyo ndi nkhani yoimbira foni, ndipo nthawi imene mwaimba ndi zimene akuyankhani muzilembe. Za TB ndi HIV ndaziikamo dala, chifukwa kuno chibayo chimene sichikumva mankhwala kawirikawiri chimakhala ndi china kumbuyo, ndipo kabotolo ka makhololo kamatha kukhala pazenera masiku atatu, shifiti iliyonse ikuganiza kuti inzake inatumiza.

Chomaliza, lipoti la wodwala ngati uyu musaperekere mu ofesi. Mutengeni mnzanuyo mupite naye pabedi, muyeze limodzi, ayang'ane yekha kampira ka pa mita ya malita, atsatire chubu ndi dzanja kuchokera pamakina mpaka pamphuno. Ine ndinapezapo chubu chitapindika pansi pa mwendo wa bedi, mita ikusonyeza malita 4 bwinobwino. Zimatenga mphindi ziwiri. Mukabwerera pa naiti sabata ino, munditumizire lipoti lanu latsopanolo, mutachotsa dzina la wodwala, ndidzalione.