Atachimenti inatha mu Malichi koma ndikugwirabe ntchito: kodi ndine wantchito?

"Koleji yathu inanditumiza ku atachimenti ya miyezi 3 pa sitolo ina yogulitsa mbewu ndi mankhwala a ziweto ku Ngabu. Inatha mu Malichi, koma abwana anati ndikhalebe, adzandiganizira. Pano ndi kumapeto kwa Okutobala. Kalaliki wa katundu anasiya, ntchito yake ndikugwira ndine, 7 koloko mpaka 5 koloko, Lolemba mpaka Loweruka. Amandipatsa K25,000 pamwezi akuti ya sopo. Ndikafunsa za malipiro amati ndine intani. Kodi ndili ndi ufulu uliwonse?"

Achemwali, ufulu muli nawo, ndipo mmene ndikuonera ine munasiya kukhala wophunzira tsiku limene kalata ya ku koleji inatha mphamvu. Kuyambira Epulo nkhani yanu ndi ya munthu wolembedwa ntchito amene sakulipidwa mokwanira.

Lamulo la Ntchito la 2000 siliyang'ana dzina limene abwana akupatsani. Gawo 3 la lamuloli limati wantchito ndi munthu amene akugwira ntchito pa mgwirizano wolembedwa kapena wapakamwa, ngakhale umene sunanenedwe mwachindunji koma ukuonekera m'zochita. Limawerengeranso munthu amene amagwirira wina ntchito n'kumalandira kenakake, akudalira munthuyo pa chuma, ndipo sangakane ntchito imene wapatsidwa. Choncho kusowa kwa kalata yolembedwa ntchito sikukuchotserani kanthu. Pamwamba pa izi pali gawo 31 la malamulo aakulu a dziko, lomwe limapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsidwa ntchito mwachilungamo ndi kulipidwa moyenera.

Miyezi 3 yoyamba ija musailimbane nayo. Atachimenti yeniyeni imadziwika ndi zinthu zooneka: pali sukulu kapena bungwe ngati TEVETA kumbuyo kwake, pali tsiku loyambira ndi lomalizira, pali munthu amene akukuphunzitsani n'kumasayina buku lanu, ndipo pamapeto pake mumapatsidwa malikisi. Wopindula kwambiri amakhala wophunzirayo. Mukadwala malungo sabata yathunthu sitolo siima, chifukwa mwini ntchito alipo, inu mumangoimirira pambali pake.

Tsono dzifunseni za lero. Alipo amene akukuphunzitsani? Alipo mphunzitsi amabwera kudzakuonani? Galimoto ya katundu ikafika kuchokera ku Blantyre, amawerenga matumba ndi kusayina ndani? Ngati yankho ndi inu, ndipo thumba la mbewu ya thonje likasowa amakufunsani inu, ndiye kuti mwalowa m'malo mwa munthu amene ankalipidwa. Kwa ine mfundo yolemera kuposa zonse m'kalata yanu ndi imeneyi ya kalaliki amene anasiya uja. Ikusonyeza kuti ntchitoyo ndi yokhazikika, sitolo singayende popanda woigwira, ndipo abwana ankadziwa kale mtengo wake chifukwa ankaulipira mwezi ndi mwezi.

Ndalama ya sopo ija musaipeputse. Anthu ambiri amaganiza kuti polandira kandalama kotere ndiye kuti avomereza kukhala intani. Kunena zoona kakukuthandizani. Ndalama yobwera mwezi uliwonse, yosasintha, yosagwirizana ndi mtengo wa kabaza kapena nkhomaliro imene mwagula, imafanana kwambiri ndi malipiro, ndipo ikukwaniritsa mbali ija ya lamulo yonena za kulandira kenakake. Amene salandira ngakhale tambala nkhani yake imavutirapo, makamaka ngati anasayina pepala lonena kuti ndi wongodzipereka. Ngakhale apo, lonjezo loti "tidzakuganizira", maola okhazikika ndi kulamulidwa tsiku ndi tsiku zikhoza kusonyeza kuti mgwirizano wa ntchito unalipo.

Abwana akhoza kusintha nyimbo n'kunena kuti munali pa pulobeshoni. Zimenezo siziwapulumutsa pa malipiro. Gawo 26 la Lamulo la Ntchito limalola nthawi yoyesedwa yosapitirira miyezi 12 kwa munthu wa luso, ndipo ndi chinthu choti mbali ziwiri zigwirizane. Woyesedwa ndi wantchito kale ndipo amalipidwa. Chimene amasiyana ndi anzake n'chakuti mgwirizano wake ukhoza kuthetsedwa popanda notisi.

Tiwerengere limodzi zimene mungafunse. Boma limaika malipiro otsikitsitsa ndipo limawasintha nthawi ndi nthawi. Mu 2024 anakwera kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi. Nambala ya miyezi yanuyi ndi ya mtundu wa ntchito yanu mukaitenge ku ofesi ya leba, koma tiyerekeze ndi K90,000. Mukachotsapo K25,000 imene mumalandira, yotsala ndi K65,000 pamwezi. Epulo mpaka Okutobala ndi miyezi 7, zonse pamodzi K455,000. Kenako maola. Lamulo limati maola wamba asapitirire 48 pasabata. Inu, tikachotsa ola limodzi la nkhomaliro, mukugwira maola 9 patsiku kwa masiku 6, omwe ndi 54. Maola 6 opyolawo ndi ovataimu, ndipo ola lililonse la ovataimu pa tsiku wamba limalipidwa ngati ola limodzi ndi theka. Palinso tchuthi cholipidwa, masiku 18 pachaka kwa wogwira masiku 6 pasabata. Koma ndalama yotsanzikira imene wantchito amapatsidwa malo ake akathetsedwa imayamba munthu akakwanitsa chaka, ndiye panopa musaiwerengere.

Chimene chimagwetsa nkhani zoterezi ndi umboni. Abwana adzati munkangobwera kudzathandiza mwa kufuna kwanu, ndipo anzanu a m'sitolo sadzafuna kutaya nsima yawo pokuikirani kumbuyo. Musanalankhule ndi aliyense, sungani kalata ya ku koleji yosonyeza tsiku limene atachimenti inatha. Sungani mauthenga a pafoni okuuzani kuti mutsegule sitolo kapena okufunsani chifukwa chimene mwachedwera. Ngati ya sopo imabwera pafoni, mauthenga ake musafufute. Ngati imaperekedwa pamanja, yambani lero kulemba tsiku ndi ndalama m'kope lanu, pamodzi ndi nthawi yolowa ndi yoweruka. Mabuku a sitolo musawatenge kupita nawo kunyumba. Mukatero mwawapatsa chifukwa chokuchotserani, mwinanso chokuitanirani apolisi. A leba akhoza kuwaitanitsa okha. Ndipo poti kuno ku chigwa madzi amalowa m'nyumba nthawi ya dzinja, jambulani mapepala anu n'kutumiza zithunzizo kwa m'bale wodalirika.

Mukakonzeka, lemberani abwana kalata yaulemu, yokhala ndi deti, yopempha kuti akulembereni udindo wanu, malipiro ndi maola, ndi kuti mukambirane za miyezi yapitayi. Kope lina musunge. Ndikudziwa mantha amene alipo: ntchito za mu ofesi ku Ngabu, Nchalo kapena Bangula n'zochepa, anthu amadziwana, ndipo mukufuna kalata yabwino yokuchitirani umboni mtsogolo. Manthawo ndi omveka. N'chifukwa chake ndikuti muyambe ndi pempho, chifukwa abwana ena akaona kuti munthu akudziwa lamulo amalolera kukhala pansi. Akakupatsani pepala latsopano lotalikitsa "maphunziro" anu, musasayine pomwepo, pemphani kukaliwerengera kunyumba.

Akakana, pitani ku ofesi ya leba pa boma la Chikwawa. Iwo amaitana mbali zonse ziwiri n'kuyesa kuyanjanitsa. Zikakanika nkhani imapita ku khothi la za ntchito, lomwe la pafupi ndi ife lili ku Blantyre. Ngati angakuuzeni kuti musabwerenso chifukwa chofunsa, kumeneko ndi kuchotsedwa ntchito, ndipo gawo 57 la Lamulo la Ntchito limafuna kuti pakhale chifukwa chomveka, komanso kuti munthu amvedwe kaye ngati akumunenera za khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito. Dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo liyenera kufika kwa a leba pasanathe miyezi 3 kuchokera tsiku lochotsedwalo, choncho tsikulo mulilembe, ndipo musadikire lonjezo lina loti adzakuitanani.