Musanatenge kaloba, werengani zolakwa za ana anu

"Ndimaphunzitsa tyushoni ya Chingerezi ku Chawama. Ndili ndi ana 12 a Giredi 12, aliyense amalipira K150 pamwezi, koma makolo ayamba kudandaula kuti chimangirizo cha ana awo sichikusintha. Kodi nditenge kaloba ya K3,000 yogulira mabuku?"

Aphunzitsi, kaloba ija isiyeni kaye. Mwini ndalama akakuuzani kuti mubweze K4,500 mwezi ukatha, pamene inu mumatolera K1,800 yokha, mudzagwirira iyeyo ntchito miyezi iwiri ndi theka musanalipire lendi. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chakuti mukufuna kugula mankhwala musanadziwe matenda, ndipo ndikukayikira ngati muli ndi kope limene mumalembamo zimene mwana aliyense amalakwitsa. Kuchonga ndi cholembera chofiira n'kubweza pepala kuli ngati kugulitsa pa kantemba osalemba chimene chatuluka.

Tengani zimangirizo zitatu za mwana mmodzi, zolembedwa pamaso panu osati kunyumba, ndipo muike cholakwa chilichonse m'gulu lake. Tiyerekeze kuti m'mawu 600 mwapeza zolakwa 48: zokwana 21 ndi za aneni amene sanaikidwe m'nthawi yakale, 12 ndi zosokoneza mawu oloza mwamuna ndi oloza mkazi, 9 ndi zosinthanitsa l ndi r, ndipo 6 ndi zina zosiyanasiyana. Pamenepo magulu awiri okha atenga zolakwa 33, kupitirira pang'ono magawo awiri mwa atatu. Gulu lachiwirilo lisakudabwitseni, chifukwa m'Chinyanja "iye" amaimira mwamuna ndi mkazi yemwe, ndipo mwana amasamutsira chizolowezi chimenechi m'Chingerezi.

Musanakonze phunziro, siyanitsani kusadziwa ndi kuphonya chabe. Dulani mzere kunsi kwa mawu olakwika osalembapo yankho, kenako mum'bwezere mwanayo pepala. Zimene wakonza yekha ndi za changu, ndipo mankhwala ake ndi mphindi zisanu zowerenganso asanapereke ntchito. Zimene wakhala akuziyang'ana, cholembera chili kukamwa, osaona vuto, ndizo zofunika kuphunzitsa.

Yambani ndi aneni okha kwa milungu inayi, ndipo musam'patse ziganizo zongodzaza mipata, chifukwa ana ambiri amakhoza zimenezo koma n'kulakwitsanso akamalemba nkhani yawoyawo. Tsiku lililonse alembe ziganizo khumi zofotokoza zimene anachita dzulo, monga ulendo wa pa minibasi wopita ku Soweto. Kenako werenganinso zolakwa pa mawu 100 alionse, pakuti wolemba zambiri amalakwitsanso zambiri: ngati za aneni zatsika kuchoka pa zitatu kapena zinayi kufika pa chimodzi, pitani ku gulu lachiwiri.

Tsamba la m'kope limene mwalembapo ziwerengero za zolakwazi ndilo mudzaonetse kholo pa tsiku lolipira. Ndalama yogulira kope ichoke m'thumba la tyushoni lero lomwe, achibale asanaipemphe.