Maoda a aliyense ndinawasiya kalekale

"Amayi, ine ndangoyamba kumene geni ya ku Dar. Ndimatenga maoda a anthu, ndimapikulitsa zitenje, zinanso ndimakongoza m'maofesi. Kupuma ndilibe koma ndalama sizikuoneka. Kodi geni imeneyi imayenda bwanji?"

Mwana wanga, uli ndi mageni atatu m'chikwama chimodzi, ndipo mwa atatuwo imodzi ikudyetsa anzake. Iweyo sukudziwa kuti ndi iti chifukwa ndalama zonse ukuziponya malo amodzi, ukabwera ku ulendo n'kumangoti ndapindula. Gula kope, geni iliyonse ikhale ndi tsamba lake. Mbali ina uzilemba phindu lotsala ukachotsa msonkho, thiransipoti, bandulo ndi kabaza, mbali inayo maola amene geniyo yakudyera. Maola a m'basi, kuchoka ku Devil Street mpaka Songwe, Mbeya, kukafika ku Dar, usawalembe paliponse. Amenewo uwakhala ndithu, kaya wanyamula chitenje chimodzi kaya mabelo khumi. Lemba okhawo amene akanakhala ako geniyo ukanaisiya.

Ndikupatse manambala oyerekeza, iwe uikepo ako. Wapikula zitenje 200 ku msika wa Kariakoo ku Dar, pachilichonse patsala K1,500 zonse zitachotsedwa. Imeneyo ndi K300,000. Kusankha pashopu imodzi imene amakudziwa maola atatu, kumanga ndi kukweza awiri, kupereka kwa amayi atatu a ku Area 2 amene amatenga pakashi maola asanu. Maola 10. Ola lililonse lakupatsa K30,000.

Tsopano maoda, amene atsikana a masiku ano mumawakonda chifukwa akuti safuna mpamba. Anthu 15, aliyense wamuikira K12,000 pamwamba, ndiye K180,000 papepala. Koma usananyamuke watha kale maola 10 pa WhatsApp kutumiza zithunzi, uyu akuti ndikufuna yofiira koma isafiire kwambiri. Ku Kariakoo masiku awiri athunthu, maola 16, kulowa shopu iyi kutuluka iyo, kufunafuna nsapato imodzi ya saizi 41. Ukafika kuno uyu ali ku Area 25, uyu ku Kawale, wina ku Area 49 ndipo wati ubwere madzulo amuna anga akaweruka. Maola ena 10. Anayi otsalawo ndi oimba mafoni kufunsa ndalama yotsala. Akwana 40. Diresi imodzi aikana kuti siikufanana ndi ya pachithunzi, K40,000 yagona m'nyumba mwako, bandulo ndi minibasi zadya K20,000. Watsala ndi K120,000, ndiye kuti K3,000 pa ola. Apo sindinawerengere malo ogona a masiku awiri aja, amene wopikula zitenje zokha sakanalipira. Ola la zitenje likulemera kakhumi kuposa la maoda, koma kutopa konse ndi kulemba pa sitetasi kuti tili busy kukuchokera ku maodawo.

Sikuti oda iliyonse ndi yoipa. Ine ndili ndi amakanika awiri amene amandituma zitsulo za galimoto. Amanditumizira nambala ya chitsulo ndi ndalama yonse, ine ndimapita shopu imodzi, maola atatu nkhani yatha, ndipo chimene ndimapezapo chimaposa maoda 15 aja onse pamodzi. Mayina awo usandifunse, ndinawapeza ndi thukuta langa.

Oda imene sindidzaiiwala ndi ya mu 2023. Bambo wina amamanga malo ogona alendo, ndiye anafuna makatani, zofunda ndi matawelo a zipinda zonse. Munthu wa suti, wolankhula mofatsa, wotchula Mulungu pa chiganizo chilichonse. Tinagwirizana mtengo m'makwacha, anapereka gawo limodzi mwa magawo atatu, yotsala akuti katundu akafika. Ndinaika mpamba wanga wonse, ndinatenganso ya ku banki mkhonde. Kungofananitsa mtundu wa nsalu ndi penti ya m'zipinda zake kunandidyera masiku, chithunzi chilichonse akuti dikirani ndiwaonetse madamu. Ndili mkati mogula, mu Novembala, kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Dola imene kubanki inali cha pa K1,180 inadzuka ili K1,700, ndipo osintha ndalama anakweza shilingi tsiku lomwelo, sanadikire kuti wina awauze. Theka la katundu ndinali ndisanalipire.

Kenako pachipata cha Songwe. Abwana amene ndinawapeza tsiku limenelo anatenga malisiti anga ndi zala ziwiri, kuwayang'ana pang'ono, n'kunena kuti mitengo iyi ndi yabodza, makatani otere sangagulidwe chonchi. Analemba mtengo wawo wa m'mutu, msonkho n'kuwerengera pamenepo. Munthu woti sanapondeko ku Kariakoo, sadziwa kuti wopikula amatsitsiridwa, koma akundiuza ine mtengo wa nsalu! Nditati tiyeni tiimbire mwini shopu, anati mayi musatiphunzitse ntchito, n'kupita kukadya. Basi inandisiya. Katundu anatsitsidwa, mvula yoyamba ikuopseza, ine kugona pa mabelo ngati mlonda wa pasitolo. Anyamata oyendayenda pamenepo aliyense akuti tikuthandizeni, thandizo lake la ndalama. Ndinalipira, nanga ndikanatani? Mpaka lero ndikaona yunifolomu ija mtima umawawa.

Kufika ku Lilongwe, bambo uja akuti tinagwirizana kale mtengo, za kugwa kwa kwacha si zake. Anatenga katundu, n'kumalipira pang'onopang'ono mpaka chaka chinacho, ndalama itasanduka madzi. Ndinagulitsa firiji kuti ndibweze ku banki mkhonde. Tsamba la oda imeneyo m'kope mwanga lili ndi maola odzaza mbali zonse ziwiri, phindu palibe, pali ngongole. Anzanga ena a nthawi imeneyo anasiyiratu geni. Ine ndilipobe, ndipo nyumba ya ku Area 36 ndinamaliza.

Za kukongoza m'maofesi sinditaya nazo mpweya wambiri. Nsapato ya K30,000 ukuigulitsa K60,000, ukuona ngati wapha. Koma ukwera minibasi kupita ku Capital Hill mwezi ndi mwezi, ukamva kuti malipiro achedwa, kapena ali ku msonkhano ku Salima. Maulendo amenewo ndi maola, alembe. Ndipo K30,000 imene yagona miyezi itatu kwa munthu ikanapita ku Dar n'kubwera katatu.

Usathamangire kudula zonse mawa. Lemba maulendo angapo kaye, chifukwa mwezi wa Disembala umanamiza, chilichonse chimayenda. Ukaona yofooka, yamba waikweza mtengo: oda yochepera K200,000 ayi, ndalama yonse patsogolo, katundu adzatengere okha pamalo amodzi tsiku limodzi, ndipo ndalama ikasintha mphamvu mtengo usinthanso. Ambiri athawa, asiye apite. Otsalawo awerengerenso, ukaona kuti ola lawo silikufikabe ngakhale theka la zitenje, tseka.

Chenjeranso apa: K30,000 pa ola ija ili ndi malire. Ngati amayi ako atatu amangotha zitenje 200, ukabweretsa 600 zotsalazo uzigulitsa chimodzichimodzi padzuwa, ola litsika mpaka kufanana ndi la maoda. Maola 40 amene wawaombola apite kofuna opikula ena, ku Mitundu, ku Mponela, ku Kasungu, anthu a mashopu amene safuna kukwera basi ya ku Dar. Ndipo ngati pakati pa a maodawo pali mlamu wake wa mayi amene amakupikula zitenje 100, ameneyo yekha mugulire nsapato yake ya saizi 41, usamulipiritse kanthu.