Kutsata njira ya magazi pa mayeso osasochera

"Abale ndithandizeni, mafunso otsata magazi mumtima ndi m'mapapo aja akundidyera malikisi. Ndimaloweza ndithu koma akangoti yambira m'matumbo kapena pamwendo mutu umaima. Nditani?"

Achemwali, mndandanda woloweza umagwira ntchito pokhapokha funso layambira pomwe inu munayambira kuloweza, ndiye m'malo mwake gwirani lamulo limodzi ili: magazi ochokera m'thupi amalowera mbali ya kumanja ya mtima, ndipo kwa munthu wamkulu wabwinobwino sangafike kumanzere osadzera kaye m'mapapo. Palibe yachidule. Pafupifupi funso lililonse loti magazi achoke chiwalo china kupita chiwalo china, dziwani kale kuti mtima muudutsa kawiri, mapapo pakati.

Tengani pepala mujambule bokosi, muligawe zipinda zinayi, atiriyamu ziwiri pamwamba, ventiriko ziwiri pansi. Koma chenjerani apa, dayagiramu imajambulidwa ngati munthu amene mwayang'anizana naye, ndiye kumanja kwa mtima kumakhala kumanzere kwa pepala lanu. Musanawerenge n'komwe funso lembani R kumanzere kwa pepala ndi L kumanja. Akakupatsani chithunzi chopanda malebo yang'anani ventiriko ya khoma lochindikala, imeneyo ndi ya kumanzere chifukwa imapopa magazi thupi lonse pa presha ya cha m'ma 120 mmHg pomwe inzakeyo imangokankhira kumapapo pa cha m'ma 25 basi.

Tiyeseko la matumbo lomwelo: tsatani magazi kuchokera m'matumbo aang'ono mpaka ku impso. Ambiri amathamangira ku vena kava, ndipo malikisi oyamba amathera pompo. Magazi a m'matumbo amayamba alowa mu hepatiki poto veni kupita kuchiwindi, akatuluka mu hepatiki veni ndi pomwe amalowa mu vena kava ya mmunsi, infiriya ija. Kuchoka apo atiriyamu ya kumanja, valavu ya tirayikasipidi, ventiriko ya kumanja, valavu ya palimonale, kenako palimonale atale mpaka m'makapilale ozungulira timatumba ta mpweya m'mapapo momwe amasiya kaboni dayokisayidi n'kutenga okosijeni. Amabwerera kudzera mu palimonale veni, zilipo zinayi, ziwiri papapo lililonse, kulowa atiriyamu ya kumanzere, valavu ya mayitiro yomwe ena amati bayikasipidi, ventiriko ya kumanzere, valavu ya ayota, ayota yeniyeniyo kutsikira m'mimba, ndipo pomaliza rino atale kulowa mu impso.

Mwaona momwe zikusinthanirana? Chipinda, valavu, chipinda, valavu, mtsempha, mbali zonse ziwiri chimodzimodzi. Mukamaliza kulemba werengani mavalavu, akakhala osakwana anayi mwadumpha penapake, bwererani. Kacheki kameneka sikadya nthawi ndipo mavalavu ndi omwe anthu amaiwala kwambiri, makamaka awiri otulukira aja, poti maso onse amakhala pa tirayikasipidi ndi mayitiro.

Msampha wina ndi wa palimonale atale ndi palimonale veni. Mukaloweza zoti atale ndi ya magazi a okosijeni mudzagwa nayo ndithu. Atale ndi mtsempha wochotsa magazi mumtima, veni ndi wobweretsa, nkhani ya okosijeni ndi ina. Nchifukwa chake palimonale atale imanyamula magazi a okosijeni wochepa ndipo palimonale veni imanyamula odzaza okosijeni, ndipo olemba mayeso amaikonda zedi imeneyi pa mafunso osankha aja.

Nthawi zina funso silinena kuti tsatani magazi koma njira yake ndi yomweyo. Akati magazi aundana mu veni ya mkati mwa mwendo, chibuluma chathothoka, chikaima kuti? Yendani nacho. Maveni amanka nakula mukamayandikira mtima ndiye chidutsa bwinobwino mu vena kava ya mmunsi, mbali ya kumanja ya mtima, mpaka pomwe mitsempha yayambanso kuchepa, m'nthambi za palimonale atale m'mapapo. Yankho ndi mapapo, osati ubongo, poti kuti chifike ku ubongo chikanayenera kudutsa makapilale a m'mapapo omwe ndi ochepetsetsa. Akafunsa za mtima wofooka yendani chobwerera mmbuyo: kumanzere kukalephera magazi amadzadzana komwe akuchokera, m'mapapo, wodwala amabanika makamaka akagona chagada, kumanja kukalephera amadzadzana m'maveni a thupi, miyendo kutupa, chiwindi kukula, mitsempha ya m'khosi kutukuka.

Poyeserera lembani mayina a ziwalo pa timapepala, mwendo, ubongo, chiwindi, impso, mkono, mutole tiwiri mwachisawawa n'kutsata ndi chala pa bokosi lanu lija mukutchula mokweza. Pa mkono ndi mutu mulowere vena kava ya kumtunda, za kunsi kwa chifuwa ya mmunsi, ndipo akakupatsani mnofu wa mtima weniweniwo magazi ake ambiri amabwerera ku atiriyamu ya kumanja kudzera mu koronale sayinasi osadzera mu vena kava.