Pulogalamu ya banki m'khonde: muyambe ndi ziti?

"Zikomo akulu. Ndikufuna kupanga pulogalamu ya pa foni yothandiza magulu a banki m'khonde. Ndalemba zinthu 23 zoti izichita, koma ndalama zolipirira woipanga ndi za miyezi iwiri yokha. Anzanga akuti ndiyambe ndi MVP. Ndichotse ziti, poti zonse ndikuziona zofunika?"

Achimwene, mndandandawo uikeni kaye pambali, muganize za munthu mmodzi: mlembi wa gulu. Iyeyu ndiye amene mutu umamuwawa tsiku logawana ndalama likafika, mabuku osagwirizana ndi zomwe zili m'bokosi. MVP yanu ndi kapulogalamu kochepetsetsa koti mlembiyo amalize nako msonkhano, inu n'kudziwa ngati akukafunadi.

Tsono pa chinthu chilichonse dzifunseni kuti, chikapanda kukhalapo, msonkhano wa sabata ino uima? Zotsala ndi zinayi: mayina a mamembala, masheya omwe aliyense wagula, ngongole ndi zobweza, ndi kuwerengera chiwongoladzanja. Zinayizi zisakhale ndi chilema. Ngati mayi wakongola K50,000 pa 20 peresenti, foni inene K60,000, ndipo akabweza K25,000 ionetse K35,000 yotsala. Ikangophonya kamodzi pamaso pa gulu, basi, abwerera ku kope. Ndingaonjezepo chimodzi chomwe simunalembe n'komwe: izigwira ntchito popanda netiweki, chifukwa misonkhano yambiri imachitikira komwe netiweki imavuta, ndipo bandulo si ya tsiku lililonse.

Chomwe chikuwaweni kuchotsa ndi kulumikiza ku Airtel Money ndi Mpamba. Chotsani ndithu. Pamafunika mapangano ndi makampaniwo komanso kuyesa kwa nthawi yaitali, ndipo miyezi yanu iwiri ingathere pomwepo musanadziwe ngati mlembi aigwiritsa ntchito. Wina akatumiza pa foni, mlembi alembe ngati ndalama ina iliyonse. Mauthenga okumbutsa angongole muziwatumiza nokha madzulo. Mukayamba ndi magulu atatu okha, si ntchito. Nick Swinmurn poyambitsa Zappos, kampani ya ku America yogulitsa nsapato pa intaneti, mu 1999 analibe nyumba yosungiramo nsapato. Ankajambula za m'masitolo, wina akaitanitsa n'kukagula yekha n'kumutumizira. Zokhoza kuchitika pamanja zisadye ndalama za wopanga pulogalamu.

Zojambula zoonetsa phindu, kutsegula pulogalamu ndi chidindo cha chala, malo ochezerapo, zonsezo zidikire. Chitumbuka ndi Chiyao nazonso, pokhapokha ngati magulu anu oyamba ali ku Mzimba kapena ku Mangochi.

Mukaipereka, musafunse ngati aikonda, poti anthu athu ndi aulemu, adzangoti ili bwino. Kakhaleni pa msonkhano muone manja a mlembi. Poyamba adzalemba kawiri, m'kope ndi m'foni, ndipo n'zoyenera. Koma pakatha mwezi, membala akafunsa ngongole yake, mlembi akutsegula chiyani? Ngati ndi kope, musaonjezere kanthu. Fufuzani kaye pomwe foni ikumuchedwetsa. Ngati ndi foni, bwererani ku mndandanda uja, mutengepo chokhacho chimene alembi awiri kapena atatu apempha okha musanawatchulire.